Thandizeni pa lojiki modelo ya pulojekiti ya kadyedwe ka ana

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, tikulemba lojiki modelo, tebulo la mizere losonyeza zimene tilowetse ndi zimene zitsatire, ya pulojekiti ya chaka chimodzi ya kadyedwe ka ana a miyezi 6 mpaka 23. Tili ndi makeyagulupu 20, lililonse amayi otsogolera 10, ndipo mayi aliyense aziyendera mabanja 10. Pa zolowetsa talemba ndalama, njinga, malamba oyezera mkono ndi mabuku a uphungu. Pa zotsatira talemba "amayi 200 aphunzitsidwa" ndi "kupinimbira kwatsika". Otithandiza ndi ndalama abweza, akuti tasakaniza zinthu. Talakwitsa pati?

Mayi a kalondolondo: Achimwene, zolowetsa zili bwino. Vuto ndi lakuti ziwiri zinazo si za mzere umodzi. "Amayi 200 aphunzitsidwa" ndi ntchito imene mwagwira inu, ndipo umboni wake ndi kaundula wa maina. Pamzere womwewo ikani maulendo oyendera mabanja pamwezi, zionetsero zophika phala, ndi ana amene ayezedwa mkono. Zonsezi zikhoza kukwana bwinobwino pomwe mwana akudyabe phala la mgaiwa lopanda nsinjiro.

Mzere wotsatira ndi wa zimene zasintha m'mbale ya mwana. Apa funsani mayi zonse zimene mwana anadya dzulo, usana ndi usiku, n'kuona ngati zafika magulu 5 mwa magulu 8 a chakudya amene a WHO ndi UNICEF amawerengera. Tiyerekeze kuti poyamba mwafunsa za ana 200 ndipo 44 afika magulu asanuwo: ndi ana 22 pa 100 alionse. Lembani nambala imeneyo, lembani pomwe mukufuna kufika, wofunsa ndani, komanso mwezi wofunsira. Wofunsa asakhale mayi wotsogolera yemwe amaphunzitsa banjalo, chifukwa mayi wa mwanayo adzangomubwezera phunziro lake.

Kupinimbira kukwezeni pamwamba, ngati cholinga chakutali. Kafukufuku wa dziko lonse la Malawi wa 2015-16 anapeza ana 37 pa 100 opinimbira. Vutoli limayamba mwana ali m'mimba, ndipo mwana wopinimbira kale sabwerera msanga, choncho musalonjeze kuti mulitsitsa m'miyezi 12.

Bambo a zamadimba: Koma ife timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, bwanji osangowerengera omwewo? Ndipo mugawe mbewu za masamba, apo ayi palibe chisinthe.

Mayi a kalondolondo: Bambo, asanu ndi limodziwo ndi ophunzitsira, ndipo apitirire. Koma poyeza amasiyana. Mwa asanu ndi atatu aja mafuta sawerengedwa, mazira ali paokha posiyana ndi nyama ndi usipa, mkaka wa m'mawere ndi gulu palokha, ndipo maungu ofiira, mango akupsa ndi masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe ali gulu lawo. Mukawerengera sikisi, nambala yanu simungaifanizire ndi ya kafukufuku wina aliyense. Za mbewu mwanena zoona pang'ono: mbewu ndi cholowetsa, dimba lolimidwa ndi ntchito yochitika, koma ngati masamba onse apita kumsika, mbale ya mwana sinasinthe.

Mlangizi wa zaumoyo: Ndionjezere za lamba. Pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, kuyambira 11.5 osafika 12.5 ndi pachikasu. Chenjerani ndi chizindikiro chakuti "ana onyentchera achepa". Amayi akayamba kuyeza khomo ndi khomo, ana ofika kuchipatala kudzalandira chiponde amachuluka miyezi yoyambirira, chifukwa mwapeza amene samabwera kusikelo. Wowerenga lipoti adzati pulojekiti yalephera. Lembani nambala zitatu: oyezedwa, opezeka pofiira kapena otupa mapazi onse awiri, ndi amene afikadi kuchipatala mwa otumizidwa. Ngati mwatumiza 30 n'kufika 18, khumi ndi awiriwo asakeni. Kaonaninso mmene amayi akumangira lambayo, chifukwa akamanga mothina ana abwinobwino amagwera pachikasu.

Wofunsa: Zikomo. Kafukufuku woyamba tikufuna tichite Febuluwale, womaliza Juni chaka chamawa. Zili bwino?

Mlangizi wa zaumoyo: Ayi achimwene. Febuluwale nkhokwe zili mbee, malungo ndi kutsegula m'mimba zili pachimake. Juni anthu akolola, mtedza ndi nyemba zili m'nyumba. Nambala zidzakwera zokha, inu n'kumati ndi makeyagulupu. Yezani mwezi womwewo zaka zonse ziwiri.

Mayi wa keyagulupu: Nanga ana amene apitirira miyezi 23 chaka chisanathe, tiwachotse m'kaundula? Ifetu timawayenderabe.

Mayi a kalondolondo: Ayendereni ndithu, amayi, koma pofunsa za chakudya tengani amene ali ndi miyezi 6 mpaka 23 tsiku lofunsalo, ndipo zaka muzione m'buku la kusikelo, osati kungofunsa pakamwa. Chotsala ndi midzi yofanizira komwe kulibe pulojekiti. Popanda iyo mudzangonena kuti zasintha, osati kuti mwasintha ndinu.

Mlangizi wa zaumoyo: Apo ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Mudzi wopanda bungwe lililonse la zakadyedwe ngwosowa, ndipo kukafunsa anthu za njala yawo n'kuchoka osawasiyira kanthu, mafumu savomera msanga. Bajeti yanu ikukwana kafukufuku wa midzi ingati?