Za kiyi wa deta ya odwala: zomwe ndapeza

Funso langa la sabata yatha linali lakuti: "Kampani yosunga deta yathu ikuti zonse nzobisidwa, poyenda ndi posungidwa pomwe. Kodi iwowo angawerenge mafayilo a odwala athu?"

Zikomo nonse amene munandiuza kuti ndiwafunse za kiyi, nambala yachinsinsi yobisira ndi kutsegulira mafayilo. Yankho lawo ndi lakuti inde, angathe. Poyenda pa intaneti deta imatetezedwa ndi `TLS`, koma chitetezocho chimathera pakhomo pa seva yawo. Ikafika amaibisanso ndi `AES-256`, kiyi nkusunga okha. Wakuba disiki sangawerenge kanthu, koma pulogalamu yawo imatsegula mafayilo nthawi iliyonse, ndipo wolowa ndi pasiwedi yobedwa amawaona bwinobwino.

Njira yoyesera ngati iwo ali ndi kiyi ndi yosavuta. Ndinadina poti ndaiwala pasiwedi, ananditumizira ulalo, ndinalowa nkupeza mafayilo onse akuwerengeka. Kiyi ikanakhala yochokera ku pasiwedi yanga yokha, sizikanatheka.

Tsopano mafayilo osungira mtsogolo tikumawabisa tokha ndi pulogalamu ya `gpg` tisanawatumize. Apa kiyi ikatayika palibe wotithandiza, nchifukwa chake tasunga kope lina la kiyiyo m'sefa ya kuchipatala, imene anthu awiri okha ndi amene amatsegula.