Malebulo a chithunzi cha kayendedwe ka madzi andisowetsa tulo, thandizeni

Womasulira wa ku Zomba:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndapatsidwa kabuku kothandizira ana a Fomu 1 kuti ndikaike m'Chichewa, ndime zonse ndamaliza koma chithunzi chimodzi chandigwira mwendo, chija cha madzi chokhala ndi nyanja, dzuwa, mtengo, mitambo ndi phiri, mivi ili mbwee. Malebulo alipo 7. Atatu a pansi sanandivute, ndalemba "madzi othamanga pamtunda", "madzi akulowa m'nthaka" ndi "madzi a pansi pa nthaka". Nkhani ili pa anayi a m'mwambawa, evaporeshoni, transipireshoni, kondenseshoni ndi presipiteshoni. Pa muvi wochoka panyanja kupita kumwamba ndinayamba ndalemba "kuphwa kwa madzi" kenako mtima unakana, nditasintha kuti "kusanduka kwa madzi kukhala nthunzi" ndiye sizikukwana m'kabokosi, liwu la Chingerezi lili ndi zilembo 11 pomwe langali ndi 35 ukawerenga ndi mipata yomwe. Afuna ntchitoyi Lachisanu.

Mnyamata wa Bayoloje:
Achemwali osadzivutitsa apa. Kuphwa kuli bhobho, aliyense amadziwa kuti dambo likaphwa madzi apita. Kondenseshoni lembani "kupanga mitambo", ya mtengoyo "thukuta la mitengo" ana amaigwira msanga imeneyi ine ndimawauza choncho m'kalasi amaseka koma saiwala. Presipiteshoni ndi mvula basi, mukafuna onjezerani mame.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwanawanga wa ku Zomba, mtima wako unakana bwino. Kuphwa ndi mawu a munthu amene waima m'mbali mwa chitsime akuyang'ana pansi, akuona kuti madzi achepa, koma sakunena kumene apita. Chitsime chimaphwa chifukwa anthu atunga kwambiri, chithaphwi chimaphwa chifukwa madzi alowa m'nthaka. Ndiye ukaika mawu amenewa pa muvi woloza kumwamba, mwana akhoza kuwatenga n'kuwaika pa muvi wako wa madzi olowa pansi uja ndipo sungamulakwitse, Chichewa chake chili bwino. Komanso pachithunzipo nyanjayo siikuphwa ayi, ili yodzaza, mitsinje ikuthiramo. Nyanja ya Malawi imataya madzi ambiri kudzera m'mwamba kuposa amene amatuluka ndi Shire pa Mangochi, koma palibe anganene kuti ikuphwa tsiku ndi tsiku. Kuphwa tikusungire Chilwa kwanuko, imene ilibe mtsinje wotulukira ndipo inaumadi mu 1995.

Lebulo ya pa muvi iyenera kunena zinthu ziwiri, chimene chikuchoka ndi chimene chikusanduka. Angerezi amapanikiza zonsezo m'dzina limodzi, ife tili ndi mneni, tiugwiritse ntchito. Lemba "madzi akusanduka nthunzi", zilembo 24 ndi mipata yomwe, wachotsapo kale 11. Ndiye kumwamba kuja utembenuze chiganizo chomwecho, "nthunzi ikusanduka timadontho". Mwana akaona awiriwa moyandikana azindikira yekha kuti ndi ulendo wopita ndi wobwerera.

Aphunzitsi a Bayoloje, mame achotseni pa mvula. Mame sagwa kuchoka kumwamba ngakhale timati agwa, amapangika pomwepo paudzu usiku udzuwo ukazizira, ndiye ndi abale ake a timadontho ta pachivundikiro cha poto. Nchifukwa chakenso "kupanga mitambo" sindikuifuna, mtambo ndi chotsatira chabe, ndipo mwana amene waloweza choncho akaona botolo la madzi ozizira lanyowa kunja saona kuti ndi chinthu chomwecho.

Wosindikiza wa ku Limbe:
Ngati vuto ndi kabokosi tumizani fayiloyo ndikuchepetsereni zilembo, mphindi zisanu zokha. Kapena ndikujambulireni china chatsopano cha makala, mtengo tikambirana kuseri.

Womasulira wa ku Zomba:
Kkkk achimwene bizinesi sigona eti. Kujambula china sandilola, chithunzi ndi cha eni ake. Kuchepetsanso zilembo ayi, panopa zili pa saizi 9 ndipo kabukuka azikachita fotokope kusukulu, mukudziwa mmene zimatulukira zikadutsa pamakina kachitatu, nth yense amangokhala kabanga kakuda.

Bambo aphunzitsi zikomo, za kuphwa ndamva ndafufuta. Koma nthunzi yomweyo ikundikayikitsa. Mwana wanga wa Sitandade 8 ndamufunsa kuti nthunzi n'chiyani wandilozera poto wa nsima. Ndiye akaona "madzi akusanduka nthunzi" panyanja saganiza kuti nyanja ikuwira?

Mphunzitsi Wopuma:
Apo ndiye wafika pa fupa penipeni, ndipo vutoli ndi lalikulu kuposa mmene waliikira. Choyera chimene mwanayo wakulozera chija, kunena mwasayansi, si chimene muvi wa panyanja ukunena. Tayang'anitsitsa ketulo ikamawira, pakamwa pake penipeni pali kampata kochepa kosaoneka kanthu, choyeracho chimayambira patsogolo pang'ono. Kampatako ndiye madzi amene ali ngati mpweya, osaoneka. Choyeracho ndi timadontho kale, madzi azizira abwerera, ndi kamtambo kakang'ono ka m'khitchini. Ndiye liwu lathu la nthunzi m'kamwa mwa anthu limaloza kwambiri chooneka chija, pomwe ife tikulifuna pa chosaoneka. Angerezinso vutoli ali nalo pa liwu lawo la tsiku ndi tsiku, sikuti ndi umphawi wa Chichewa.

Ine ndikanasiya nthunzi pa lebulo chifukwa liwu lina lodziwika palibe, koma pansi pa chithunzi ndikanaika mzere umodzi wakuti nthunzi imeneyi sioneka ndi maso ndipo madzi sachita kuwira kuti ituluke, monga zovala zimaumira pachingwe. Madzi amawira pa madigiri 100 kumalo otsika ofanana ndi nyanja ya mchere, zovala zimauma ngakhale mu Juni kuli chisanu. Chitsanzo cha zovala chimachiza matenda amene poto wabweretsa.

Mayi a Jogalafe ku Dedza:
Ine ndisiyane nanu pang'ono bambo. Ana sawerenga za pansi pa chithunzi, amaloweza za m'mabokosi basi, zaka zonsezi ndaona. Ine ndimati "mpweya wa madzi" ndipo sindinamvepo mwana akufunsa za kuwira. Vuto lake ndikulidziwa, mpweya ndi mawu olemedwa kale, wopuma ndi mpweya, wa m'tayala ndi mpweya, okosijeni ndi mpweya, koma bola umenewo suoneka ngati mmene chinthucho chilili.

China chimene simunatchule nonse, mayeso a JCE ndi MSCE anawa alemba m'Chingerezi. Mukachotseratu mawu a Chingerezi pachithunzi mwana amvetsa bwinobwino koma tsiku la mayeso aona liwu lachilendo. Ife tinapangapo timapepala ta kalasi pa chithunzi cha selo ya chomera, tinalemba "khoma la selo" ndi "kachikopa ka selo" zinayenda, koma pa pepala la mayeso theka la kalasi linasinthanitsa ziwirizi poti sanazionepo zili pamodzi ndi maina enawo.

Wosindikiza wa ku Limbe:
Ooo tsopano ndamva, ndimayesa nkhani ndi ya malo chabe. Ndiye chitani chonchi. Mawu a Chingerezi asiyeni m'mabokosi momwe alili, pambali pa bokosi lililonse ikani nambala m'kabwalo, 1 mpaka 7, ndiye pansi pa chithunzi mndandanda wa Chichewa, kumeneko malo ndi anu mulembe mpaka zilembo 40. Manambalawo atsate madzi mmene akuyendera, kuyambira panyanja, osati kuyambira kumanzere kwa pepala. Ubwino wina ngati anakupatsani PDF imene mawu anasandutsidwa kale chithunzi simuvutika kufufuta, mungotsegula mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape n'kuika manambala pamwamba. Koma auzeni eni ake kuti mukufuna masentimita ngati 4 pansi pake, ndime yotsatira itsika.

Mnyamata wa Bayoloje:
Za manambala ndagwirizana nazo. Mame ndavomera ndinaphonya. Koma thukuta langa palibe walikhudza, ndiye kuti lapambana?

Mphunzitsi Wopuma:
Silinapambane, ndimapuma kaye. Ngati nthabwala ya m'kalasi lili bwino ndipo lili ndi kachoonadi, tsamba limazizira madzi akamachoka monga thupi. Koma thukuta limatuluka lili madzi, umaliona, umalipukuta. Za pa muvi wa mtengowo zimatuluka m'timabowo ta patsamba zili kale nthunzi, tsamba lili gwa louma masana dzuwa likuswa mtengo. Mwana wa thukuta akadzuka m'mawa n'kupeza chimanga chili ndi madontho m'mphepete mwa masamba anena kuti ndi zimenezo, pomwe si zimenezo. Mangani jumbo yoonekera mkati pa nthambi ya mango ya masamba ambiri nthawi ya m'mawa, pofika masana mupeza timadontho mkati mwa jumbo. Timenetoto sitinatuluke m'tsamba tili madontho, tapangika pa pulasitiki. Jumbo imodzi yakuonetsani nambala 2 ndi nambala 3 pamodzi. Lembani "nthunzi ikutuluka m'masamba". Ndipo wina asayerekeze kulemba kuti mtengo ukupuma, kupuma kuli ndi mutu wakewake mu Bayoloje, mudzasowa mawu mukadzafika kumeneko.

Mayi a ku Dedza, mpweya wa madzi ndikuumva, koma tayesani kunena "mpweya wa madzi ukutuluka m'masamba" kwa mwana amene dzulo lomweli waphunzira kuti masamba amatulutsa okosijeni. Ine apo ndimaopa.

Mayi a Jogalafe ku Dedza:
Apo mwandigwira pang'ono, koma panyanja paja sindinagonjebe. Achemwali musatikhulupirire tonse, pezani ana asanu, dulani mawu anuwo pa timapepala popanda manambala, apatseni chithunzi chopanda malebulo aike okha. Kapepala kamene kakasochere ndi kamene kali ndi vuto.

Womasulira wa ku Zomba:
Ndabwera ndi zotsatira, ndinagwira ana 6 a pamzere pathu pano madzulo, ndawononga masiwiti. "Mvula ndi matalala" onse anaika bwino, ngakhale mmodzi anafunsa kuti nanga zoyera zili pamwamba pa phirizo ndi matalalanso, ndinati ndi chipale chofewa anangondiyang'ana, mwayi wake palibe lebulo pamenepo. "Madzi akusanduka nthunzi" 5 anaika panyanja, mmodzi anaika padzuwa penipeni ati poti ndi pamene pali moto, ndiye za poto zija zilipodi, mzere wa zovala pachingwe ndauika mu nambala 1 momwemo osati pansi pa zonse. Mawu a mayi a ku Dedza ndinayesa pa atatu okha ena anali atathawa, awiri anakhoza wina anaika pamitambo, ndiye sindinganene kuti wapambana ndani, ndatumiza ya nthunzi ndipo inayo ndawalembera eni ake m'kalata asankhe.

Koma chimene chikanandichititsa manyazi ndi china. Kapepala ka nambala 2 ana awiri anakaika pansi pa mtengo osati pamwamba, ndinadabwa, kuyang'anitsitsa ndinalemba "mthunzi ukutuluka m'masamba", chala chinapita pa m ndipo mutu unangotsatira ndi u yemwe. Ndinawerenga katatu osaona. Achimwene a ku Limbe, poika manambala paja mundionerenso liwu limeneli paliponse pamene lili, likupezeka kanayi.