Kodi pa zaka 38 ndachedwa kuphunzira chilankhulo china?

Mwini funso: Abale, ndithandizeni nzeru. Patha miyezi 10 chisamukireni kudziko lolankhula Chipwitikizi. Mwana wanga wamkazi wa zaka 6 akulankhula ngati anabadwira konkuno. Ine ndimapita kukalasi kawiri pa sabata, ola ndi theka tsiku lililonse, koma lilime likukanabe. Dzulo ndimafuna kunena "caro", kutanthauza chodula, mwanayo n'kundikoka dzanja: "Amayi, mwati calo, chikang'a cha kuphazi." Wabwereza katatu, ine m'khutu mwanga mawu awiriwo akumveka amodzi. Wina wandiuza kuti ubongo umatseka munthu akatha msinkhu. N'zoona? Ndisiye makalasiwa?

Membala 1: N'zoona mayi, akatswiri anapeza kale. Ukadutsa zaka 12 chitseko chatsekedwa. Mungodalira mwanayo azikumasulirani.

Mphunzitsi wa zilankhulo: Achimwene, mwagwira mbali imodzi yokha. Ganizolo analitchukitsa Eric Lenneberg mu 1967, kuti nyengo yabwino imayambira pa zaka ziwiri mpaka munthu atatha msinkhu, koma iye ankanena makamaka za chilankhulo choyamba. Pa chachiwiri nkhani yake siili choncho ndendende.

Mayi, tasiyanitsani zinthu ziwiri: liwiro limene munthu amayamba nalo, ndi pamene amakafika patapita zaka. Mu 1978 Snow ndi Hoefnagel-Höhle anatsatira anthu olankhula Chingerezi amene ankaphunzira Chidatchi ku Netherlands. M'miyezi yoyambirira amene ankathamanga kwambiri anali a zaka 12 mpaka 15, akuluakulu akutsatira, ndipo tiana ta zaka 3 mpaka 5 tinali kumbuyo kwenikweni. Ana amadzapambana pa ulendo wautali. Johnson ndi Newport mu 1989 anayesa galamala ya anthu 46 olankhula Chitchaina ndi Chikoreya amene anasamukira ku Amerika. Ofika ali ndi zaka 3 mpaka 7 ankakhoza ngati eni chilankhulo. Ofika atakula ankasiyana kwambiri, ena bwino ndithu, ena movutika. Chitseko chikanakhala chotsekeratu, onsewo akanalephera mofanana.

Ndiye tawerengani maola. Mwana wanu tiyerekeze amamva Chipwitikizi maola 25 pa sabata kusukulu. Pa masabata 40 ndi maola 1,000, osawerengera masewera. Inu maola atatu pa sabata, ndiye kuti 120. Musanaimbe mlandu ubongo wanu, yang'anani kaye mpata umenewo.

Membala 2: Vuto ndi loti mukulankhulabe Chichewa kunyumba, mukumusokoneza mwanayo. Siyani kaye.

Mwini funso: Ayi achemwali, mwanayo alibe vuto, wovutika ndine. Ndipo Chichewa sindimusiyitsa. Aphunzitsi, za maola ndamva, nanga khutu langali? Ngakhale nditatchera chotani sindikumva kusiyana.

Mphunzitsi wa zilankhulo: Apo mpamene msinkhu umalumadi, sindikubisirani. Khutu limazolowera msanga kuposa china chilichonse. Werker ndi Tees mu 1984 anapeza kuti makanda a m'mabanja olankhula Chingerezi, a miyezi 6 mpaka 8, ankasiyanitsa mamvekedwe ena a Chihindi, koma a miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya. Ife m'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo la mawu, choncho khutu lanu linaphunzira kalekale kuziponya m'thumba limodzi. Silinawonongeke, likungochita zimene linazolowera.

Anthu a ku Japan ali ndi vuto lomweli pa Chingerezi, ndipo akuluakulu anathandizika ndi njira iyi. Pemphani anthu asanu, amuna ndi akazi, akujambulireni pafoni mawu awiriwo mosakaniza. Mukamva limodzi sankhani kuti ndi liti, kenako onani yankho pompo. Anthu ambiri n'ngofunika, chifukwa mukamvera mmodzi mumangozolowera mawu ake. Kuti mudziwe ngati zikuyenda, yesani pa munthu amene simunamumvepo. Mukamakhoza 10 pa 20 ndiye kuti mukungolota. Anthu amapita patsogolo ndithu, ngakhale ambiri safika pa eni chilankhulo.

Membala 3: Ine ndinayamba Chifalansa ndili ndi zaka 41. Pano ndimalemba malipoti kuntchito, misonkhano ndimatsogolera, koma ndikangopereka moni pafoni amadziwa kuti ndine wobwera. Chimene chimandipwetekabe si katchulidwe ayi, ndi zoti dzina ili n'lachimuna kapena lachikazi. Patha zaka zisanu ndi zinayi ndikuphonyabe ndikatopa.

Membala 1: Ndiye si zimene ndimanenazo? Pali pamene wamkulu safika.

Mphunzitsi wa zilankhulo: Pamenepo tikugwirizana. Chimene akatswiri akutsutsanabe n'chakuti pali msinkhu weniweni pamene zimaduka kapena zimangotsika pang'onopang'ono. Kafukufuku wa Hartshorne ndi anzake wa 2018, wa anthu pafupifupi 670,000, anaika kutsika kwa galamala cha pa zaka 17, osati 12. Ena akuti mwina si ubongo wokha, popeza pa msinkhu umenewo mpamene anthu amachoka kusukulu n'kuyamba ntchito.

Mwini funso: Zikomo nonse, makalasi sindisiya. Anzanga atatu akuntchito avomera kundijambulira mawa. Koma aphunzitsi, nditsekere kaye pakamwa mpaka khutu litsegukeko, kapena ndiziyesa kutchula nthawi yomweyo?