Mayeso atatu, malikisi osiyana: ndiphatikize bwanji osaponderaza mwana?

Madamu a Sitandade 7
Aphunzitsi anzanga ndithandizeni, ahedi akufuna malipoti Lachisanu. Teremu ino ndalembetsa mayeso atatu a masamu: oyamba pa 20, achiwiri pa 25, omaliza pa 80. Mtsikana wina wapeza 18, 20 ndi 40. Mnyamata wina wapeza 10, 15 ndi 64. Ndikaphatikiza malikisiwo mmene alili, mnyamata ali pamwamba, 89 kwa 78. Koma mnzanga wa Sitandade 6 akuti ndiyambe ndasandutsa mayeso aliwonse kukhala peresenti, ndipo ndikatero akupambana ndi mtsikana. Ana omwewo, malikisi omwewo. Cholondola nchiti? Makolo a awiriwa onse ndi oti pozishoni amaitsatira kwambiri.

Bambo a Junior
Madamu, penapake mwaphonya pa kalikyuleta. Masamu sanama. Kaya muphatikiza kaye kaya musandutsa kaye, yankho limayenera kukhala limodzi. Bwerezaninso modekha.

Mphunzitsi wopuma, Zomba
Ayi bambo, Madamu sanaphonye. Kawirikawiri njira ziwirizo zimafanana pokhapokha mayeso onse akhale pa malikisi ofanana, kapena mwana apeze peresenti imodzimodzi m'mayeso onse. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Peresenti timaipeza pogawa zomwe mwana wapeza ndi malikisi onse a mayesowo, kenako nkuchulukitsa ndi 100. Mayeso a pa 20 mukhoza kungochulukitsa ndi 5, a pa 25 ndi 4. Choncho mtsikanayo ali ndi 90, 80 ndi 50. Mnyamata ali ndi 50, 60 ndi 80. Mukaphatikiza nkugawa ndi 3, mtsikana akupeza 73.3, mnyamata 63.3.

Njira inayo, malikisi onse pamodzi ndi 125. Mtsikana 78 pa 125 ndi 62.4 peresenti, mnyamata 89 pa 125 ndi 71.2.

Chasintha nchakuti mayeso omaliza aja akulemera mosiyana. Mukangophatikiza malikisi, pepala la pa 80 likutenga 80 mwa 125, kutanthauza 64 peresenti ya zotsatira zonse, pomwe la pa 20 likungotenga 16. Mukatenga avareji ya maperesenti, mapepala atatu onse akulemera chimodzimodzi. Mnyamatayo anakhoza pepala lalikulu, mtsikana anakhoza ang'onoang'ono, nchifukwa chake akusinthana malo. Ndiye funso lenileni ndikubwezerani inu Madamu: mayeso omalizawo mumafuna alemere bwanji?

Achemwali a ku Area 25
Ine ndimaona kuti maperesenti ndiye chilungamo. Sandutsani onse, phatikizani, mtsikana 220 peresenti, mnyamata 190, nkhani yatha.

Mphunzitsi wopuma, Zomba
Pa kusanja pozishoni 220 ndi 190 zikhoza kugwira ntchito, achemwali, koma ndi 220 pa 300, si peresenti. Pa lipoti musalembe choncho, kholo lidzadabwa. Komanso zoti ndiye chilungamo ndikukayikira. Mayeso a pa 20 nthawi zambiri amakhala a mutu umodzi, ana amalemba mphindi zochepa chabe. A pa 80 amafunsa za teremu yonse. Kuwapatsa mphamvu zofanana ndiye kuti funso limodzi la malikisi awiri pa kapepala kakang'ono likusuntha mwana ndi 10 peresenti, pomwe funso lomwelo pa pepala lalikulu likumusuntha ndi 2.5 basi.

Madamu a Sitandade 7
Zoona akuluakulu, oyambawo anali a mafulakishoni okha. Omaliza ndi a teremu yonse. Ndiye nditani?

Mphunzitsi wopuma, Zomba
Funsani kaye ahedi ngati sukulu ili ndi kagawidwe kake, kuti makalasi onse achite zofanana. Ngati palibe, sankhani nokha. Tinene kuti mwaganiza kuti ang'onoang'ono awiri atenge 20 aliyense, omaliza atenge 60. Gawani zomwe mwana wapeza ndi malikisi a pepalalo, nkuchulukitsa ndi gawo lomwe mwalipatsa.

Mtsikana: 18 pa 20 ikhala 18 yomweyo. 20 pa 25 kuchulukitsa ndi 20 ndi 16. 40 pa 80 ndi theka, theka la 60 ndi 30. Zonse pamodzi 64.
Mnyamata: 10, kenako 12, kenako 48. Zonse pamodzi 70.

Koma chonde, musayese kagawidwe kosiyanasiyana mpaka mwana amene mumamukonda atulukire pamwamba. Apa mwawaona kale malikisi, ndiye sankhani potengera kukula kwa zomwe pepala linafunsa, ndipo mulembe penapake kuti kholo likabwera mulionetse. Teremu ya mawa muwauziretu ana asanalembe.

Mayi a Mapasa
Pepani ndilowerere. Wanga wapeza 68 peresenti ku Fomu 3, ndiye ndi mapointi angati a MSCE?

Sir wa ku CDSS
Mayi, imeneyo ndi nkhani ina. Mapointi amachokera pa magiredi 1 mpaka 9 omwe a MANEB amapereka pa phunziro lililonse, nkuphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wakhoza bwino. Peresenti imodzi ya pa lipoti la sukulu siingakuuzeni zimenezo.

Madamu, ngati muli ndi laputopu kapena Excel ya pa foni, ikani mayeso atatuwo mu B, C ndi D kuyambira mzere wachiwiri, kenako mu E2 mulembe izi nkukokera pansi:

```
=B2/20*20+C2/25*20+D2/80*60
```

Muyese kaye ndi mwana wongopeka amene wakhoza zonse, 20, 25 ndi 80. Akapanda kupeza 100 ndendende, ndiye kuti penapake mwasokoneza. Wina akadutsa 100, kawirikawiri mumakhala mwalemba malikisi a pepala lalikulu m'danga la laling'ono. China, madesimo musawadule panjira, mudzadule kumapeto kokha. Kudula pepala lililonse palokha kumatha kusuntha mwana ndi malikisi amodzi, ndipo amene ali pa malire a kukhoza amagwera pomwepo.

Aphunzitsi a ku Mchinji
Nanga amene sanalembe pepala limodzi? Ine ndili naye wina anagonekedwa m'chipatala ndi malungo sabata ya mayeso oyamba. Ena awiriwo anapeza 20 pa 25 ndi 56 pa 80.

Sir wa ku CDSS
Pa kagawidwe ka 20, 20, 60 kaja ali ndi 16 ndi 42, zonse 58. Mukamuika ziro pa pepala lomwe sanalembe, akhala pa 58. Koma iye walembera magawo okwana 80 okha, ndiye 58 kugawa ndi 80 kuchulukitsa ndi 100 ndi 72.5. Wodwala ine ndimamupatsa 72.5 ndipo ndimalemba pambali kuti sanalembe pepala limodzi. Musamale ndi fomula ija, danga mukalisiya lopanda kanthu imaliwerenga ngati ziro, ameneyo muwerengereni payekha.

Bambo a Junior
Zoyamba zija ndavomera. Koma izi ayi. Ana akazindikira, aliyense azidwala tsiku la mutu umene umamuvuta. Alembe pepala lina akachira.

Aphunzitsi a ku Mchinji
Kalasi ya ana oposa zana, bambo, pepala lina ndilikonze nthawi yanji? Ndipo anzake amuuza kale mafunso.

Achemwali a ku Area 25
Komanso pepala likakhala lovuta kwambiri moti kalasi yonse yagwa, peresenti imakonza zimenezo?

Mphunzitsi wopuma, Zomba
Siikonza. Imangofananitsa malikisi onse a mapepala, osati kuvuta kwa mafunso. Ndipo apo mpamene 72.5 ya Sir imandivuta pang'ono: ngati pepala lomwe mwana anaphonya ndi lomwe linagwetsa anzake, iye wapindula ndi kudwalako. Ine ndikanamupatsa malikisiwo koma osamuika pa pozishoni.

Sir wa ku CDSS
Lipoti lopanda pozishoni kwathu kuno kholo limabwera nalo ku ofesi m'mawa mwake.

Madamu a Sitandade 7
Zikomo nonse. Ahedi ati nditenge 20, 20, 60, ndipo auza a Sitandade 6 kuti achitenso chimodzimodzi. Za odwala ati tikakambirana pa msonkhano wa aphunzitsi, ine ndili nawo awiri.