Mizere iwiri ya sodiyamu ikuoneka ngati umodzi

Mayi Nachisale: Anzanga a m'malabu, ndithandizeni. Ndili ndi giretingi, kagalasi kosemedwa timizere tomwaza kuwala, ya mizere 600 pa milimita, nyale ya sodiyamu ndi sipekitiromita. Mzere wachikasu uja uyenera kugawika pawiri, nanomita 589.0 ndi 589.6, koma ukuoneka umodzi wonenepa. Oda yachiwiri kumanja ndikuipeza pa madigiri 45.9, kumanzere pa 44.2. Yachitatu ndiye kulibiretu. Kodi giretingiyi yatha ntchito?

Bambo Gondwe: Yachitatuyo musaisake, mayi, kulibe. Mpata wa pakati pa mizere, d, ndi milimita imodzi kugawa ndi 600, kutanthauza nanomita 1667. Ndiye potsata `d sin θ = mλ`, pomwe θ ndi ngodya, m ndi oda, λ ndi utali wa funde la kuwala, oda yoyamba ikupereka 589.3 kugawa ndi 1667, yomwe ndi 0.354, ngodya yake madigiri 20.7. Yachiwiri ndi 0.707, madigiri 45.0. Yachitatu ikutuluka 1.06, ndipo palibe ngodya imene sayini yake imapyola 1.

Za kulekanitsa, mukufunika `R = λ/Δλ`, pomwe Δλ ndi kusiyana kwa mizere iwiri yachikasu ija, 589.3 kugawa ndi 0.6, pafupifupi 980. Giretingi imapereka `R = mN`.

Chikondi: Ndiye zamveka bwana. N ndi 600, oda yoyamba ikupereka 600 basi, sikufika pa 980. Agule ya mizere 1200.

Bambo Gondwe: Ayi achimwene, N si mizere ya pa milimita imodzi. Ndi mizere yonse imene kuwala kwagwerapo. Kuwala kukaphimba mamilimita 20, N ndi 12,000, ndipo oda yoyamba yomweyo ikukwana kakhumi ndi kuposa. Ngakhale mamilimita awiri okha akupereka 1200. Pamene mwalondola ndi apa: chogwirira giretingi chikatchinga kuwala n'kutsala kachidutswa kochepera milimita imodzi ndi theka, mizereyo imaphatikanadi pa oda yoyamba.

Mayi Nachisale: Ndaika pepala loyera patsogolo pake, kuwala kukudzaza pafupifupi giretingi yonse.

Mayi Tembo: Ndiye vuto ndi siliti, kampata kolowera kuwala mu kolimeta. Mizere iwiriyo yatalikirana pang'ono kwambiri: pa oda yoyamba ndi maminiti 1.3 a ngodya, pa yachiwiri maminiti 3.5. Chimene mumaona mu telesikopu ndi chithunzi cha siliti, chimodzi pa mzere uliwonse, ndiye siliti ikakula zithunzizo zimakwerana. Tiyerekeze kuti lenzi ya kolimeta yanu imasonkhanitsa kuwala pa mamilimita 180. Gawani 0.6 ndi 1667, muchulukitse ndi 180: mupeza mamilimita 0.065. Siliti isapose pamenepo pa oda yoyamba, kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pa yachiwiri siliti ingakule kawiri, kufika mamilimita 0.13, n'chifukwa chake yambirani kumeneko.

Koma musanatseke siliti, konzani maso a chipangizocho motsatana. Kaye ayipisi, mpaka timawaya topingasa tioneke bwino. Kenaka lozani telesikopu pa mtengo wakutali kudzera pawindo lotsegula, muikonze mpaka mtengowo uoneke bwino, osaikhudzanso. Pomaliza kolimeta, mpaka m'mphepete mwa siliti muthwe. Mukagwedeza mutu mzere n'kumasuntha pa timawaya, simunafikepo. Nyaleyo idikireni maminiti khumi, ichoke kufiira ifike chikasu chenicheni, chifukwa siliti yopapatiza imadya kuwala.

Bambo Gondwe: Za 45.9 ndi 44.2 zija, giretingi yanu yapendeka ndi madigiri pafupifupi 2. Kuwala kukafika mopendeka ndi ngodya i, sayini ya mbali imodzi imakwera ndi `sin i`, ya mbali inayo imatsika. Kuwongola kwake: lozani telesikopu pa siliti mwachindunji, lembani veniya, muizungulitse madigiri 90 n'kuimanga. Tembenuzani tebulo mpaka chithunzi cha siliti chonyezimira pankhope ya giretingi chigwere pa timawaya. Apo yaima pa madigiri 45. Bwezani tebulo ndi madigiri 45 enieni, iyang'anizane ndi kolimeta.

Chikondi: Bwanji osangophatikiza ziwirizo n'kugawa pawiri?

Bambo Gondwe: Mupeza pafupifupi 45.1 m'malo mwa 45.0. Kwa ana a sukulu n'zokwana. Koma kusiyana kumeneko kukuposa mpata wa mizere iwiri ija, ndiye ngati mukufuna λ yolondola, wongolani kaye.

Bambo Sakala: Yanga ikupereka madigiri 20.4 pa oda yoyamba, mbali zonse ziwiri mofanana. Nayonso yapendeka?

Mayi Tembo: Ikanapendeka mbalizo zikanasiyana. Werengani pa felemu, bambo. Zambiri zakale zinalembedwa mizere 15,000 pa inchi, yomwe ndi 591 pa milimita, osati 600. Pamenepo d ndi nanomita 1693, ndipo 20.4 ndi yankho lolondola.

Mayi Nachisale: Ndawongola, mbali zonse zafika 45.0, ndipo nditapapatiza siliti oda yachiwiri yagawika pawiri bwinobwino. Yoyamba ikungoonetsa kamdima kochepa pakati. Chatsala n'chakuti kumanzere kukuwala kuposa kumanja.

Bambo Gondwe: Mwina mizere yake inasemedwa mopendekera kuti iponye kuwala kwambiri mbali imodzi. Izungulitseni pamalo pomwepo, pamwamba papite pansi. Kuwalako kukasamukira kumanja, ndi giretingi.

Mayi Tembo: Ine ndikukayikira tebulo. Likapanda kukhala levulo, mzere umakwera mbali ina n'kutsika mbali inayo, gawo lake n'kudulidwa. Onaninso zimenezo musanaichotse.