Zithunzi za chinkhoswe: tisankhe zolowa m'buku

Achemwali a ku Matawale: Mwaswera bwanji nonse? Ndachokera kwa wosindikiza uja m'tauni. Buku la chinkhoswe likhala la masamba 20, kukula kwake A4, ndipo akufuna zithunzi pofika Lachisanu. Pagulu pano munaponya zoposa 200. Ine ndapatulapo 30 n'kuziika manambala, koma zolowa ndi 24 basi.

Malume Aakulu: Wagwira ntchito mwanangu. Patsamba loyamba pakhale chosinthana nkhuku, pakuti chinkhoswe chagona pamenepo. Ndaona 7 ndi 8.

Azakhali: Ine 7, alamu. Taonani Anganga m'mene akusekera, dzanja lili pakamwa, tambala akukupiza mapiko m'manja mwanu. Chimwalirireni agogo aamuna sindinawaonenso akuseka chotero. Pa 8 aliyense wangoima chilili kudikira wojambula.

Achemwali a ku Matawale: Nanenso mtima wanga uli pa 7, koma wosindikiza wachikana. Akuti chikadzaza tsamba chituluka chachimbuuzi.

Azakhali: Chimbuuzi chake chiti? Pafoni panga chikuoneka bwinobwino.

Mdzukulu wa ku Chanco: Azakhali, pafoni chithunzi chimaoneka chaching'ono, ndiye zolakwika zimabisala. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho, mapikiselo. Mukachitumiza pa WhatsApp mwachizolowezi, amachichepetsa kuti chisadye bandulo. Ndatsegula 7 pa Details, chili 1600 x 1200. Kuti chituluke chakuthwa papepala pamafunika timadontho 300 pa inchi iliyonse. Tikagawa 1600 ndi 300 tikupeza mainchesi 5 ndi pang'ono, ngati masentimita 13 ndi theka. Tsamba la A4 m'lifupi ndi masentimita 21, ndiye pafunika timadontho pafupifupi 2480. Makina akachikoka kuti chikwane, nkhope ya Anganga isungunuka.

Malume Aakulu: Ndiye kuti chatayika?

Mdzukulu wa ku Chanco: Ayi malume. Chenichenicho chikadali m'foni ya amene anajambula. Anajambula ndani?

Alamu a ku Chinamwali: Ndine, ndinaima pafupi ndi mphasa ya mphatso. Ndichitumizenso?

Mdzukulu wa ku Chanco: Eya alamu, koma musachitenge pagulu pano, ndiponso musajambule sikirini. Dinani kachizindikiro kotumizira zinthu, musankhe Document, kenako muchitenge m'zithunzi za kamera yanu. Chikatero chimabwera chathunthu.

Alamu a ku Chinamwali: Chapita. Chachedwa ndithu, netiweki ikuvuta kuno.

Mdzukulu wa ku Chanco: Chafika, chili 4000 x 3000, chokwana m'lifupi monse mwa tsamba mpaka kutsala. Ndachikulitsa ndi zala mpaka pamaso pa Anganga, chifukwa poyesera mpomwepo. Makwinya a m'mbali mwa maso akuoneka, ngakhale maluwa a pa duku lawo. Mapiko a tambala okha ndiwo afufutika poti amakupiza, koma zimenezo sizikuononga kanthu.

Azakhali: Ambuye akudalitse mwana iwe. Misozi yalengeza kuno.

Mayi a mkwatibwi: Zikomo nonse. Nanga cha gulu lonse? Ine ndinakonda 15, phiri la Zomba likuoneka lonse kumbuyo kwathu, aliyense adziwa kuti panali pamudzi ku Songani.

Achimwene a ku Domasi: Mayi aang'ono, 15 tinajambula madzulo dzuwa likukalowa kuseri kwa phiri, kumbuyo kwa anthu. Phiri lawala koma nkhope zada. Ine mwini ndadzizindikira ndi malaya okha.

Mdzukulu wa ku Chanco: Ndipo papepala chidzada kuposa apo, chifukwa foni imawala yokha pomwe pepala siliwala. Tsitsani kuwala kwa foni kufika pakati muchionenso. Pa 16 tinali pamthunzi wa mango, nkhope zonse zikuoneka, ndawerenga anthu 41 ndipo wotsinzina ndi mwana mmodzi yekha.

Mayi a mkwatibwi: Ndayesa, zoonadi. Chabwino 16, koma phirilo likundiwawa.

Achemwali a ku Matawale: Mayi, 15 tichiika chaching'ono patsamba lomaliza chifukwa cha phirilo. Koma 16 sindilola kuti chitambalale masamba awiri monga ananenera wosindikiza. Pakati pa mzere pakhala Anganga, ndiye nkhope yawo ingalowe mumsoko wa buku.

Malume Aakulu: Pamenepo wanena. China, ndawerenga pa 30 paja, za akuchimuna ndi zinayi zokha. Buku ili akaliona apongozi athu. Pa 21, 22 ndi 23 ndi mkwatibwi yekhayekha atavala chilundu chimodzimodzi, patsale chimodzi. Mulowetse cha ankhoswe a kuchimuna akupereka khasu ndi nkhwangwa, ndi cha amayi a mkwati akuvina pa perekaniperekani.

Achimwene a ku Domasi: Zonse ziwiri zili m'foni mwanga, malume. Pa zitatu zija ine 22, poti pa 21 mutu wagunda m'mphepete ndipo makina odulira mapepala amadyako pang'ono.

Achemwali a ku Matawale: 22 yalowa. Aliyense amene anajambula yekha chithunzi chili pa manambalawa anditumizire pa Document pofika Lachitatu madzulo. Lachinayi ndikasindikiza 7 ndi 16 zokha zoyesera, ndipo ndikazionetsa kwa Anganga ku Songani tisanalipire buku lonse.

Azakhali: Udzandidzere pa Chinamwali, tipitire limodzi. Magalasi awo owerengera ali kwa ine.