Alimi 2400 pa kaundula: tifunse angati kuti tisaphonye kupyola mapointi 5?

Wa kafukufuku, Ulongwe: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndithandizeni ndisanatumize bajeti. Mu Novembala tinagawa mbewu ya soya kwa alimi 2400, ali m'makalabu 80 a anthu 30 iliyonse, makalabu 50 kuno ku Angonia ndi 30 ku Tsangano. Opereka ndalama akufuna kudziwa kuti mwa alimi 100 alionse ndi angati anadzaladi mbewuyo, ndipo alemba kuti yankho lisaphonye kupyola mapointi 5, chitsimikizo chikhale 95 peresenti. Ine ndawerengera ndapeza 332. Maganizo anga ndi oti ndisankhe makalabu 11 ndikafunse onse m'kalabumo, akwana 330, chifukwa ndi mvula ino misewu yavuta komanso mafuta a njinga zamoto ndi ochepa. Zili bwino choncho?

Mlangizi, Domwe: Amayi, mukudzivutitsa. Ife kuyambira kale timatenga 10 peresenti ya anthu a pa kaundula. Kwa inu ndi 240 basi, ndipo palibe anatibwezerapo lipoti.

Wa kafukufuku, Ulongwe: Achimwene, 10 peresentiyo ndinaiganizira, koma pa pepala akufuna ndionetse mmene nambalayo yabwerera. Ndinalemba izi mu Excel:

```
=1,96^2*0,5*0,5/0,05^2
```

Zinapereka 384,16, ndiye kuti 385. Kenako poti alimi athu ndi owerengeka ndinachotserako:

```
=385/(1+384/2400)
```

Ndipo zinafika pa 332.

Wa ziwerengero, Tete: Masamuwo ali bwino, mayi, palibe chokonza. Poyamba ndiyankhe achimwene a ku Domwe. Lamulo la 10 peresenti limaoneka ngati likugwira chifukwa makaundula athu ambiri amakhala a anthu zikwi ziwiri, zitatu kapena zinayi, ndiye nambala yake imagwera pafupi ndi yoyenera mwangozi. Yesani pa kaundula wa anthu 200: mufunsa 20, ndipo yankho likhoza kuphonya ndi mapointi pafupifupi 20. Pa anthu 100000 mufunsa 10000, pomwe 385 akanakwana. Chimene chimachepetsa kuphonya ndi kuchuluka kwa amene mwawafunsa, osati gawo lawo pa kaundula. Ndi 240 anuwo amayiwa aphonya ndi mapointi 6, pepala likufuna 5.

Koma mayi, vuto lili pa makalabu 11 aja. Nambala ya 332 imagwira ngati mayina onse 2400 alowa m'maere amodzi, aliyense payekha, n'kukamupeza wogweredwa maereyo kulikonse kumene ali. Inu mukufuna kuchita maere a makalabu, ndiye masamuwo sakunenanso za ntchito yanuyo.

Wa kafukufuku, Ulongwe: Pamenepo sindinamve, abambo. Munthu ndi munthu. Ndikafunsa 330, mayankho ndi 330, kaya achokera m'midzi 11 kaya 80.

Wa ziwerengero, Tete: Taganizani za kalabu imodzi. Anthu 30 aja analandira mbewu tsiku limodzi, pa galimoto imodzi. Mvula yoyamba inawagwera tsiku limodzi. Mlangizi wawo ndi mmodzi, wapampando mmodzi. Ngati galimoto inafika mochedwa, ambiri sanadzale. Ngati inafika nthawi yabwino, ambiri anadzala. Mukafunsa anthu asanu oyamba mwadziwa kale zambiri za kalabuyo, ndipo wa nambala 25 akungobwereza zimene mwamva. Sikuti yankho lake ndi lachabe, koma silikuwonjezera zambiri ngati la munthu wa mudzi wina.

Izi zimawerengedwa chonchi:

```
deff = 1 + (m - 1) * rho
```

Apa deff ndi nambala imene mumagawira mafomu anu kuti mudziwe mphamvu yake yeniyeni, m ndi anthu amene mwafunsa m'kalabu iliyonse, rho ndi kufanana kwa mayankho a anthu a kalabu imodzi. Rho akakhala 0 ndiye kuti kukhala kalabu imodzi sikuwafananitsa konse, akakhala 1 ndiye kuti onse amayankha chimodzi. Tiyeni tiyerekeze 0,1. Ndi anthu 30 pa kalabu, 29 kuchulukitsa ndi 0,1 n'kuwonjezera 1 zikupereka 3,9. Mugawe 330 ndi 3,9, mutsala ndi 85. Mwalipira ofunsa mafomu 330, koma mphamvu yake ndi ya anthu 85 osankhidwa mwamaere, ndipo kuphonya kwake ndi mapointi 10 kapena 11. Mukapeza kuti 70 peresenti anadzala, zoona zikhoza kukhala 60, zikhoza kukhala 80. Zimandipweteka ndikaona lipoti lotere litalembedwa kuti kuphonya ndi 5, chifukwa pa nambala imeneyo ndi pomwe amagamula ngati mbewu ibweranso chaka chamawa.

Mlangizi, Domwe: Nanga 0,1 ameneyo mwamutenga kuti, akulu? Mwadzudzula 10 peresenti yanga, inunso mwabweretsa yanu.

Wa ziwerengero, Tete: Mwafunsa bwino. Ndi nambala yokonzekerera chabe, yeniyeni imadziwika mayankho akabwera. Ngati amayiwa ali ndi mafomu a chaka chatha olembedwa dzina la kalabu, akhoza kuiwerengera pamenepo. Pa funso ngati ili, lodalira tsiku limene mbewu inafika, ine ndingaope kuti ndi yokulirapo kuposa 0,1. Koma ngakhale titaidula pakati, 0,05, anthu 330 aja akhala ngati 135, kuphonya mapointi 8. Sizikufikabe pa 5.

Wa zokolola, Furankungo: Pepani kulowerera. Ife chaka chatha tinayeza minda 60 yokha ya chimanga kuti tidziwe zokolola pa hekitala, ndipo anavomera. Bwanji amayiwa asatsike mpaka pamenepo?

Wa ziwerengero, Tete: Lanu ndi funso lina, achimwene. Inu mumayeza makilo, ndipo nambala ya minda imadalira mmene zokolola zimasiyanirana munda ndi munda komanso makilo angati mwalola kuphonya. La amayiwa ndi la inde kapena ayi. Tiyambitse nkhani yake payokha, ndi yofunika.

Wa kafukufuku, Ulongwe: Ndiye ndichulukitse 332 ndi 3,9? Akukwana pafupifupi 1300, oposa theka la alimi onse. Ndalama imeneyo kulibe.

Wa ziwerengero, Tete: Ayi, musawonjezere anthu, wonjezerani makalabu ndipo muchepetse anthu pa kalabu. Makalabu 40, anthu 10 iliyonse, ndi mafomu 400. Deff atsika kufika 1,9, mphamvu yake ikhala ya anthu 210, kuphonya pakati pa 6 ndi 7.

Koma inu muli ndi mwayi umene ambiri sakhala nawo: kaundula wathunthu wa mayina, ndipo makalabu ndi 80 okha. Mukafika m'makalabu onse 80 n'kufunsa anthu 5 osankhidwa mwamaere m'kalabu iliyonse, mafomu ndi 400 omwewo, koma deff uja sakukukhudzaninso. Chilango cha deff chimabwera chifukwa makalabu ena atsala osafikidwa ndipo mukuwaganizira kuchokera kwa anzawo. Ngati palibe yotsala, palibe choganizira. Ngakhale mmodzi mwa 10 alionse asapezeke, mutsala ndi 360, kuposa 332 uja, ndipo kuphonya kukhala pansi pa 5 pang'ono.

Maerewo achitikire mu ofesi. Pafupi ndi dzina lililonse lembani `=ALEATÓRIO()`, kapena `=RAND()` ngati Excel yanu ndi ya Chingerezi, mukopere manambalawo kuti asasinthenso, musanje kalabu ndi kalabu, mutenge asanu oyamba.

Mlangizi, Tsangano: Pa pepala zikumveka, abambo, koma mwayendako kuno mu Febuluwale? Makalabu ena ali kuseri kwa mapiri, mtsinje ukadzaza njinga yamoto imagona kutsidya. Tsiku lathunthu kukafunsa anthu asanu! Ndiye mukafika, mwa asanuwo awiri apita ku ganyu, wina wapita ndi mbatata ku msika wa ku Lizulu. Chimene chimachitika ndikuuzeni: wofunsa amapita kwa wapampando, wapampando amamuitanira amene ali pafupi, fomu yadzaza.

Wa ziwerengero, Tete: Chimenecho ndi choopsa kuposa zonse takambazi, ndipo masamu alionse sachiona. Wapampando aitana amene minda yawo ikuoneka bwino. Amene wapita ku ganyu mwezi wa njala ndi yemweyo amene mwina anagulitsa mbewu kapena sanaisamale. Mukamulowetsa m'malo ndi mnzake wopezeka, nambala ya odzala ikwera, ndipo ngakhale mutafunsa anthu 1000 ikhalabe yokwera. Mapointi 5 aja amangonena za kusiyana kobwera ndi maere, sanena za kukondera. Wosapezeka abwereredwe kachiwiri, kapena atumiziridwe uthenga wa tsiku pasadakhale. Akalephereka alembedwe kuti sanapezeke ndi chifukwa chake. Pobwera mafomu yang'anani kalabu imene asanu onse anapezeka m'ola limodzi, GPS ya pa tabuleti ikuonetsa khonde limodzi. Pamenepo funsani bwino.

Mlangizi, Tsangano: Kubwerera kachiwiri ndiye mafuta kawiri. Ine ndikuti makalabu 40 ofikidwa bwino aposa 80 ofikidwa mothamanga. Amayi, auzeni eni ndalamawo kuti ndi mvula ino mapointi 7 ndi amene angatheke.

Wa ziwerengero, Tete: Sindikutsutsani. Mapointi 7 olembedwa poyera ndi abwino kuposa 5 abodza. Chokhacho, makalabu 40 amenewo asankhidwe mwamaere, a kuseri kwa mapiri akhale nawo m'maeremo. Mukatenga a m'mbali mwa msewu okha, amenenso mbewu inawafikira msanga, mulibenso nambala yolemba.

Wa kafukufuku, Ulongwe: Ndawerenganso pepala lawo. Pali mzere wakuti zotsatira zionetsedwe boma ndi boma. Kodi mapointi 5 aja akhalabe?

Wa ziwerengero, Tete: A alimi onse pamodzi akhalabe, a boma lililonse ayi. Pa asanu kalabu iliyonse Tsangano akhala ndi mafomu 150, kuphonya kwake kupyola 7 pang'ono. Ngati akufuna 5 ku boma lililonse, masamu aja muwachite kawiri: alimi 1500 a ku Angonia akufuna 307, alimi 900 a ku Tsangano akufuna 270, onse 577, musanawonjezere osapezeka. Mukawonjezera osapezekawo, ndiye kuti anthu 7 pa kalabu ku Angonia, 10 ku Tsangano. Afunseni molemba, ayankhenso molemba.

Wa kafukufuku, Ulongwe: Ndiwalembera lero, ndiika bajeti ziwiri, ya makalabu 80 ndi ya 40, iliyonse ndi kuphonya kwake. Achimwene a ku Tsangano, nditumizireni mayina a makalabu amene njinga singafike mtsinje ukadzaza, ndione ngati ndi atatu kapena khumi.

Mlangizi, Tsangano: Mawa m'mawa, ndikafunse kaye anzanga a kumapiriko. Koma muikiretu masiku ogona pa bajeti ya 80 ija.